Mlendi wanu akasanduka landilodi m'nyumba yanu

"Ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu pa boma la Mchinji, ndipo bambo amene amachita lendi walowetsamo anthu ena m'zipinda ziwiri n'kumawalipiritsa osandiuza. Lendi amapereka pa nthawi yake. Ndimuyambe bwanji, kapena ndingomutulutsa?"

Mayi, funso lanu landikumbutsa nyumba imene malemu bambo athu anatisiyira ku Chankhanga kuno ku Kasungu, imene ine ndimayang'anira m'malo mwa abale anga. Munkakhala bambo wina ndi banja lake, ndipo ankalipira K120,000 pamwezi mosavuta konse. Chimene chinandidzidzimutsa chinali bilu ya madzi, chifukwa mita inali m'dzina la bambo athu, ndipo m'miyezi imene fodya amagulitsidwa ku Chinkhoma biluyo inakwera pafupifupi kawiri. Nditafika, ndinapeza mbaula zitatu pakhonde, maloko opachika pazitseko za zipinda zogona, ndiponso pabalaza atapadula ndi pulayiwudi yokhomera pakhoma ndi misomali ikuluikulu. Nditaodira, panatuluka mnyamata amene sindinamuonepo, ndipo anandiuza mwaulemu kuti ndidikire pang'ono, alandilodi apita kumsika.

Mnyamatayo ankalipira K45,000, ndipo m'chipinda china munali banja limene linkalipiranso chimodzimodzi. Choncho bambo uja ankatolera K90,000 n'kumaonjezerapo K30,000 yokha ya m'thumba mwake. Ndalamazo sizinandipweteke kwenikweni, pakuti lendi yathu inkabwera yonse. Chinandipweteka n'chakuti chimbudzi chokumba chimene chinakonzedwera banja limodzi chinkathandiza mabanja atatu, masoketi anali akuda chifukwa cha mahotipuleti, ndipo m'nyumbamo munkagona anthu amene sindinkadziwa mayina awo kapena kwawo. Tsiku lina moto utabuka kapena apolisi atapezamo katundu wakuba, dzina loyamba kutchulidwa likanakhala lathu.

Abale anga anagawikana. Achimwene ankati tizule zitseko ndi kutseka madzi kuti onse atuluke okha, pamene achemwali ankati popeza munthuyo salephera kulipira, tingomukweza lendi basi. Njira zonse ziwirizi ndimazikana mpaka lero. Kuzula zitseko, kusasula malata, kapena kutaya katundu wa munthu panja kumakusandutsani wolakwa inuyo, chifukwa munthu amene wakana kutuluka amatulutsidwa ndi lamulo la khoti, ndipo iye akakakusumirani, nkhani ya zipinda zija imaiwalika n'kuyamba kukambidwa ya katundu wake wonyowa ndi mvula. Kungokhala chete nakonso n'koopsa m'njira imene ambiri saiona. Mukadziwa kuti mlendi akubwereketsa zipinda koma n'kumalandirabe lendi mwezi ndi mwezi osanenapo kanthu, tsiku limene mudzadandaule iye adzanena kuti munkadziwa ndipo munavomereza, ndipo zimenezi zimavuta kuzitsutsa. Choipa kwambiri ndi kulandira ndalama kuchokera kwa anthu amene iye walowetsa, chifukwa potero mumaoneka kuti mwawalandira kukhala alendi anu.

Ndinabwerera tsiku lina madzulo ndi mkulu wina wa m'dera lomwelo ngati mboni, ndipo tinakhala ndi bamboyo kuseri kwa nyumba, kutali ndi makutu a alendi ake. Munthu ukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu amene amamutcha landilodi, amaumitsa khosi ngakhale akudziwa kuti walakwa. Sindinayambe n'kumuimba mlandu. Ndinamufunsa kuti m'nyumbamo mukugona anthu angati ndipo ndi ndani, ndipo iye anati ndi abale a mayi akunyumba amene abwera kudzacheza. Yankho limeneli mudzalimva ndithu, ndipo si nthawi zonse limakhala bodza, chifukwa kuno kwathu mlamu amene akudikira ndalama zake za fodya angathe kukhala mwezi wathunthu, ndipo mwininyumba amene amaletsa abale ndi wankhanza. Kusiyana kwake kuli pa ndalama ndi pa loko: m'bale sapereka lendi ya pamwezi, ndipo sakiya chipinda chake ndi loko amene mwini banja alibe kiyi wake. Nditatchula K45,000 ija, bamboyo anawerama n'kunena kuti malipiro ake anali asakukwanira.

Ndimamvetsa kuvuta kwa zinthu, koma sindivomereza kuti kuvutako kumapatsa munthu ufulu wochita malonda ndi nyumba ya wina mobisa. Akanabwera n'kupempha, mwina ndikanalola chipinda chimodzi, titalemba dzina la wolowayo ndi kugwirizana za madzi ndi chimbudzi. Njira imeneyi ikadali yotseguka kwa inu, makamaka ku Mchinji kumene anthu ochita malonda a pachipata cha Mwami amafuna kachipinda kogona nthawi zonse, koma chilolezocho chikhale cholembedwa, chotchula chipinda ndi munthu.

Tsono kalata ya chenjezo

Musanalembe, onani pepala la mgwirizano wanu. Ngati muli mawu oletsa kubwereketsa zipinda popanda chilolezo, kalata yanu itchule ndime yomweyo. Ngati munangogwirizana pakamwa, monga mmene ambiri timachitira, kalatayo inene kuti nyumba munaipereka kwa iye ndi banja lake ndipo simunalolepo kuti ailowetse ena, kenaka mukonze mgwirizano wolemba kuyambira mwezi wotsatira.

Kalatayo ilembedwe pasanathe sabata chikambiraneni, ngakhale kukambiranako kutatha bwino, chifukwa lonjezo la pakamwa limasintha mwezi ukatha. Ikhale yaifupi ndiponso yopanda mawu onyoza. Yanga inali ndi deti, dzina lake, nambala ya puloti, ndi mawu ofanana ndi awa: "Pa tsiku lakuti ndinapeza kuti zipinda ziwiri mwazichititsa lendi popanda chilolezo changa, ndipo tinakambirana pamaso pa mboni. Ndikukupemphani kuti pofika pa deti lakuti anthuwo akhale atatuluka, pulayiwudi ya pabalaza ichotsedwe, ndipo khoma limatidwe. Lendi imene ndikulandira pakadali pano sikutanthauza kuti ndavomereza. Izi zikapanda kuchitika, ndidzakupatsani notisi yotuluka m'nyumba." Ndinapereka masiku 30, chifukwa anthu olowetsedwawo anali atalipira kale mwezi umenewo ndipo analibe mlandu uliwonse. Amene ayenera kuwauza ndi kuwabwezera chilichonse chimene analipiriratu ndi iye amene anawalowetsa, osati inu.

Lembani makalata awiri ofanana, iye asaine pa imodzi kuti walandira ndipo muisunge. Akakana kusaina, mboni ilembe pansi pake kuti kalata yaperekedwa tsiku lakuti ndipo wakana, kenaka mujambule kalatayo n'kumutumizira pa WhatsApp. Tsiku loikikalo likafika, muuzeni kaye kuti mukubwera kudzaona nyumba, musangolowa ngati kuti mulibe anthu. Mukapeza zinthu zili chimodzimodzi, perekani notisi yolemba, imene kwa munthu wolipira pamwezi imakhala ya mwezi wathunthu pokhapokha ngati mgwirizano wanu ukunena zina, ndipo akakanabe kutuluka, nkhaniyo ipite kukhoti la majisitireti pamodzi ndi makalata onsewo ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza mmene wakhala akulipirira.