Mabatire a wailesi, tochi ndi zidole: ndigule ati?

"Anzanga ndithandizeni, kagalimoto ka mwana wanga kakumaliza mabatire tsiku limodzi lokha, pomwe omwewo mu wailesi amakhala masabata. Ndi achinyengo kapena? Nanga otchaja aja ndi abwinodi?"

Mayi, mwina sanakubereni ayi, vuto ndi loti mabatire mwagulawo mukuwapatsa ntchito yoposa msinkhu wawo. Tengani limodzi muone timalemba ta m'mbalimo. Mukapeza R6 (kapena R20 pa akuluakulu aja) ndiye kuti ndi zinki kaboni, mukapeza LR6 kapena LR20 ndi alukalaini, HR6 ndi otchaja. Ka L kameneko ndiye nkhani yonse, osati mtundu wa pepala kapena mawu okopa apapaketi. Ngakhale m'manja mumamva, alukalaini amalemerako, wa AA amakhala cha m'ma galamu 23 pomwe zinki kaboni ndi wopepuka.

Zinki kaboni ali ngati munthu woti amatha kuyenda mtunda wautali bola musamusenzetse katundu. Wailesi yaing'ono imayamwa moto pang'onopang'ono, ndiye batire limapirira, komanso mukazimitsa usiku limapumako, m'mawa n'kuyambanso kulankhula bwino. Koma kagalimoto kali ndi mota, mota ikamazungulira matayala imakoka moto wambiri nthawi imodzi, batire lija mphamvu n'kugwa pompo, mwana n'kuyamba kulira kuti kafa chonsecho mukalichotsa n'kuliika mu wailesi lilankhulabe masiku angapo. Ine ndimachita zimenezo, otsala ku zidole ndimamalizira mu wailesi kapena wotchi ya pakhoma.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti kagalimotoko kamalowa ma AA anayi ndipo kamakoka moto wokwana 500 mA. Otchaja a 2000 mAh, nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto womwe batire limasunga, mukagawa 2000 ndi 500 mupeza maola pafupifupi 4 akusewera. Musachulukitse ndi anayi ayi, akalumikizana mondondozana chimawonjezereka ndi mavoti, osati maola. Mabatire omwewo mu wailesi yokoka 50 mA ndi maola 40. Mwaona kusiyana kwakeko, kakhumi konse. Alukalaini papepala amafanana ndi otchajawo kapena kuposako, koma pa mota sapereka zonse, zinki kaboni ndiye osanena, ngakhale theka safikapo. Ndiye ku zidole ine sindikayika, otchaja basi, chifukwa mumawadzadzanso maulendo mazanamazana. Mugule asanu ndi atatu, anayi akusewera anayi ali pa tchaja, apo ayi m'nyumba simukhala mtendere.

Ena amadandaula kuti otchaja alembedwa 1.2V pomwe enawa ndi 1.5V. Zoona, koma alukalaini 1.5 imeneyo ndi ya poyamba pokha, amatsika pang'onopang'ono mpaka pakati pa moyo wake amakhala ali cha pa 1.2 pomwepo. Otchaja amakhala pa 1.2 nthawi yaitali kenako amangothima mwadzidzidzi osatsazika.

Kuthima kosatsazikako n'chifukwa chake tochi yosungira ngozi, yomwe imangokhala mu dirowa miyezi, ndimaikamo alukalaini. Amasungika zaka zingapo ndipo akamatha kuwala kumachepa kaye, mumadziwiratu. Otchaja wamba amatha okha ali chikhalire, pokhapokha mutapeza aja amagulitsidwa otchajiratu, amenewo amasunga moto nthawi yaitali. Tochi ya tsiku ndi tsiku ndiye otchaja ali bwino. Wailesi yaikulu yolowa ma D, mabatire akuluakulu aja, samalani, otchaja ambiri a saizi imeneyo ndi chigoba chabe, alembedwa 2500 kapena 3000 mAh ngati ka AA, pomwe alukalaini wa D amapitirira 10000 mAh. Werengani nambala musanalipire.

Chomwe chinandiphera tochi yanga yoyamba ndi kusakaniza, awiri atsopano limodzi lakale. Lakalelo limayamba kutha, anzake aja amalikankhabe moto mokakamiza mpaka limatuluka madzi. Ndinadzatsegula patapita miyezi, sipuling'i yonse dzimbiri, batire litakakamira mkati losatulukanso. Zinki kaboni amakonda zimenezi chifukwa chigoba chake cha zinki ndi chomwe chimadyeka likamagwira ntchito. Alukalaini nawo amatulutsa ufa woyera, umenewo musaugwire ndi manja, pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi viniga kapena madzi a mandimu, muumitse bwino musanaikemo ena. Akatha achotseni tsiku lomwelo.

Ndipo chonde a R6 ndi LR6 asayandikire tchaja, wina asakunamizeni kuti amadzuka, amatentha n'kutayikira mwinanso kuphulika. Pa chidolepo onetsetsani kuti kachitseko ka mabatire n'komanga ndi sikuluwu, ana aang'ono chilichonse amapititsa kukamwa.