Kutchaja maiyefoni kapena foni ina kuchokera pa foni yanu: ndani apereka, ndani alandira

"Achimwene, kuno magetsi akazima timakhala tsiku lonse. Foni yanga ili ndi batire ya 5000 mAh, ndiye ndinati ndipatseko moto ya mayi a kunyumba. Nditalumikiza ndi chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri, yanga ndi imene inayamba kukoka moto wa iwo. Kabokosi ka maiyefoni nako sikayaka n'komwe pa chingwe chomwecho. Kodi foni yanga ndi ya feki, kapena ndikuphonya penapake?"

Ayi bambo, foni yanu ilibe mlandu. Chingwe cha USB-C mbali zonse chilibe mutu, chilibe mchira. Mukalumikiza mafoni awiri amene onse amatha kupereka ndi kulandira, amagwirizana okha kudzera pa timapini totchedwa CC, ndipo nthawi zambiri chimakhala ngati mayere basi. Lero apereka uyu, mawa uyo. Kutembenuza chingwe sikuthandiza. Chimene chimathandiza n'kukoka sikirini kuchokera pamwamba mafoniwo atalumikizana, n'kudina uthenga wa USB. Pa mafoni ambiri a Android mupeza pamene palembedwa "USB controlled by", ndipo pansi pake pali "This device" ndi "Connected device". Sankhani "This device" pa foni imene mukufuna kuti ipereke. Ena amalemba "Charge connected device". Ikakana kusintha, zulani chingwe, lowetsaninso, muone kumene mphepo yalowera ulendo uno.

Koma ine njira imeneyi sindiikonda, chifukwa ilipo ina yosavutitsa mutu. Gulani ka adaputala ka OTG, kaja kali ndi mutu wa USB-C mbali imodzi ndi bowo lalikulu lolowetsamo fulashi mbali inayo. Timapezeka pa mabenchi onse ogulitsa zamafoni, ndipo sitidula. Lowetsani kameneko ku foni yanu, kenaka tengani chingwe wamba cha tchaja, mutu waukulu ulowe mu adaputala, waung'ono upite ku foni ya mayi. Foni imene ili ndi adaputala ndi imene imapereka, nthawi zonse. M'kati mwa adaputalamo muli karizisita kamene kamauza foni kuti "iwe ndiwe mwini khomo, tulutsa moto", ndipo foniyo imatulutsa mavoliti 5. Pa mafoni akale a Micro-USB mfundo ndi yomweyo, kungoti kumeneko ntchitoyi imagwiridwa ndi pini yotchedwa ID ya pa mutu wa chingwe cha OTG.

Adaputala yomweyo ndiyonso mankhwala a kabokosi kanu ka maiyefoni. Doko la USB-C silitulutsa moto mwachisawawa, limayamba laona kaye ngati mbali inayo kuli marizisita a 5.1 kΩ osonyeza kuti kuli chinthu chofuna kutchajidwa. Opanga timabokosi totchipa ambiri amasiya marizisita amenewa kuti apulumutse ndalama. Ndiye kabokosiko kali ndi bowo la USB-C ndithu, koma foni ikasuzumira imaona ngati kulibe kanthu, n'kungokhala chete. Mukadzera pa adaputala, moto umakhala uli kale pa bowo lalikulu lija, ndipo kabokosi kamangolandira monga kamachitira pa tchaja ya pakhoma. Kanyali kake kakayaka, dziwani kuti zatheka.

Kakapanda kuyaka, musafulumire kubweza adaputala kwa ogulitsa. Mafoni ena amabwera OTG ili yozimitsa. Lowani mu Settings, lembani OTG pofufuzira, muiyatse. Pa Oppo ndi Realme imadzizimitsa yokha pakatha mphindi 10 popanda cholumikizidwa, ndiye munthu amene anaiyatsa dzulo amadabwa lero kuti chavuta n'chiyani. Mukaiyatsa, yesani ndi fulashi. Foni ikaiwerenga, ndiye kuti moto ukutuluka, ndipo vuto lili pa chingwe kapena ku chinthu chimene mukutchajacho. Ikapanda kuiwerenga ngakhale mutasintha adaputala, mwina foniyo ilibe OTG, kapena m'bowo mwadzaza fumbi ndi thonje la m'thumba moti mutu sukufika kumapeto. Kamtengo kotokosera m'mano kamachotsa zimenezo bwinobwino. Singano ayi.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Batire yanu ya 5000 mAh imasunga moto pa mavoliti osafika 4, ndipo tikachulukitsa timapeza mphamvu yokwana 19 Wh, kuchotserako kapena kuonjezerako pang'ono. Kuti ipereke, foni imakweza mavolitiwo kufika pa 5, ndipo yolandira imawatsitsanso kuti alowe m'batire yake. Paliponse pamenepo moto wina umatayika, umasanduka kutentha kumene mumamva kumsana kwa foni. Ine powerengera ndimangotenga kuti pa magawo khumi alionse ochoka kwa inu, asanu ndi awiri ndi amene amafika.

Tengani kabokosi ka 400 mAh. Kamafuna 1.5 Wh kuti kadzaze, ndiye foni yanu itaya 2 Wh ndi kenakake, kapena kuti maperesenti 10 kapena 11. Amenewo ndi malonda abwino, chifukwa kabokosi kodzaza kamatchaja maiyefoni maulendo angapo. Foni ya mabatani ya 1000 mAh ingakudyereni kupitirira pang'ono kota ya batire kuti idzaze kuchokera pansi, koma ikadzaza imakhala masiku.

Foni ya mayi ndiye nkhani ina. Mafoni ambiri pa OTG amatulutsa 500 mA, omwe ndi mawati awiri ndi theka. Abwinoko amafikako pa mawati 4.5, ngati iPhone 15 ndi otsatira ake. Tchaja wamba ya pakhoma imapereka mawati 10 kapena kuposa, ndiye mukuona kusiyana kwake. Pa mawati awiri ndi theka, pakatha ola limodzi foni ya mayi, ngati nayo ili ya 5000 mAh, ikwera ndi maperesenti pafupifupi 10, pamene yanu yatsika ndi 15. Ndiponso zimenezo ndi pamene sikirini yawo ili yozimitsa. Akakhala pa WhatsApp kapena akuonera mavidiyo, foni imadya moto wonse umene ukulowa, chizindikiro cha mphezi chimaoneka koma nambala siisuntha. Ambiri amati chingwe n'chakufa, chonsecho chingwe chili bwino. Auzeni aike pa Airplane mode, kapena azimitsiretu foniyo, muisiye theka la ola. Mupeza maperesenti asanu kapena kuposerapo, okwanira kuimba foni ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Kudzaza foni yonse mwa njira imeneyi n'zosatheka, yanu ingathe yawo isanadzaze. Ntchito imeneyo ndi ya pawa banki kapena sola.

Za kuononga batire musade nazo nkhawa kwambiri, moto wake ndi wochepa. Choononga ndi kutentha. Musasanjikize mafoniwo, musawaike pansi pa pilo kapena padzuwa. Ina ikatentha moti mukuvutika kuigwira, zulani. Ndipo yanu ikatsika kufika cha m'ma 30 peresenti, lekani kupereka. Mafoni ena amadula okha batire ikachepa, ndiye moto ukasiya mwadzidzidzi yambani mwayang'ana peresenti yanu.

Mwina munaonapo anthu akugoneka maiyefoni kumsana kwa foni popanda chingwe. Imeneyo ndi ina, Samsung amaitcha Wireless PowerShare, ndipo pa mafoni awo inayamba ndi Galaxy S10 mu 2019. Imafuna kuti foni ndi kabokosi zonse zikhale ndi koyilo m'kati, imataya moto wambiri kuposa chingwe, ndipo imakana batire ikatsika pansi pa 30 peresenti. Timabokosi tambiri ta pamsika tilibe koyilo, ndiye ngakhale mutabwereka foni yotero, kanu kadzafunabe adaputala ndi chingwe.