Katundu wanu sanachotsedwe, akudikira ndalama

"Achemwali, ndangoyamba kumene kuoda zovala ku Joni. Ejenti wanditumizira uthenga wakuti 'The payment has not cleared, so we cannot clear your goods.' Ndayang'ana mawu akuti clear mu dikishonale, matanthauzo ake ndi mndandanda wautali, loyamba likuti kuchotsa zinthu zosafunika. Kodi katundu wanga akufuna kumutaya? Inu mumadziwa bwanji tanthauzo loyenera?"

Mtima m'malo, mng'ono wanga, palibe akutaya katundu wanu. Dikishonale imayamba ndi tanthauzo lofala kapena lakale, sidziwa kuti inu muli ndi mabelo pa Mwanza. Choncho musamayambire m'buku. Yambirani m'chiganizo chomwe mwalandiracho, muone mawu amene ayandikana ndi mneniyo.

Uthenga wanuwo uli ndi clear muwiri, ndipo sakunena chinthu chimodzi. Woyambayo, chimene chikuchita ndi payment, ndalama zimene munatumiza, ndipo pambuyo pake palibe dzina la chinthu chilichonse, pangobwera mpumiro. Ndalama sizingasese m'nyumba. Mu dikishonale ya ophunzira Chingerezi, monga ya Oxford kapena Longman, pitani kaye pagawo lolembedwa verb, chifukwa clear amakhalanso mfotokozi wa chinthu chooneka bwino. Mukatero tsikani mukuyang'ana chizindikiro cha [I] kapena intransitive, kutanthauza mneni woima yekha wopanda chomuchitira. Matanthauzo ambiri agwa pomwepo. Pa otsalawo mupeza lonena za utsi kapena mitambo ikamayera, ndi lina lonena za cheke kapena malipiro. Lanu ndi limenelo: banki sinatsimikize ndalamazo, sizinalowe mu akaunti ya wolandira moti n'kuzigwiritsa ntchito. Lisiti mungakhale nalo m'manja, koma ndalama zochoka ku banki ina kupita ku ina nthawi zina zimagona m'njira, makamaka mukatumiza Lachisanu madzulo.

Wachiwiriyo ali ndi chomuchitira, your goods, ndiye mukufuna matanthauzo a [T] kapena transitive. Apa mpamene anthu amasochera, chifukwa "kuchotsa" nalonso ndi la gulu lomweli. Chimene chimalekanitsa ndi munthu amene akulankhula ndi malo amene ali. Ejenti wa paboda ntchito yake ndi kulemba katundu ku kasitomu, kulipira msonkho ku MRA, n'kutenga chilolezo choti katundu atuluke. Ndi chomwe timati kukiliya chija. Mawu omwewo atanena mwini sitolo ku Joni, "We are clearing the old stock", akugulitsa motchipa kuti mashelefu apume, ndipo ine zikatero ndimathamangirako.

Ine ndimakhulupirira kwambiri zitsanzo zopendekera zija zili pansi pa tanthauzo lililonse kuposa tanthauzo lenilenilo. Yang'anani chitsanzo chimene chili ndi dzina la mtundu umodzi ndi lanu. Mukaona customs, goods, ndiye mwafika. Kenako yesani: chotsani clear, ikanipo tanthauzo mwasankhalo, muwerenge chiganizo chonse. "Banki sinatsimikize malipiro, choncho sitingatulutse katundu wanu ku kasitomu." Zikumveka, ndipo kamawu ka so kagwira ntchito yake, chifukwa mbali yoyamba yakhaladi chifukwa cha yachiwiri. Yesani "kutaya" muone: ndalama sizinafike, choncho sitingataye katundu wanu? Sizikugwirana.

Timawu ting'onoting'ono totsatira mneni musamatidumphe, timatembenuza nkhani yonse. Dalaivala akalemba "The truck cleared Beitbridge at 4", chotsatira ndi malo, ndiye kuti thiraki yadutsa bodayo, ikulowera ku Harare ndi Nyamapanda. Sizikutanthauza kuti katundu wanu wamasuka, ku Mozambique ndi pa Mwanza kukadali kutsogolo. "Clear it with the driver" ali ndi with ndi munthu: kapempheni chilolezo kwa dalaivala. "Clear your balance" ndi kumaliza ngongole. Koma clear out ndi clear up amakhala ndi malo awoawo kumunsi kwa tsamba, pa phrasal verbs, osati pamndandanda wa manambala uja.

Pali pena pamene njirayi imathera. Munthu wa kuweyahausi akangolemba "We cleared the goods", mwina wakiliya ku kasitomu, mwina wangosuntha mabelo pamalo pomwe anali. Onse awiri akukwana, ndipo buku silingakusankhireni. Pamenepo musaganizire, pali ndalama zanu. Mufunseni kuti, "Msonkho walipidwa? Nditumizireni chithunzi cha lisiti la kasitomu."

Za lerozi, imbani ku banki yanu ndi nambala ya pa lisiti lija, mufunse ngati ndalama zinatuluka ndi tsiku limene zikafike, kenako mumuuze ejenti tsikulo. Mufunsenso ngati katundu akulipitsidwa ya malo pamene akudikirapo, chifukwa imeneyo imawerengedwa patsiku.