Zinyalala zanuzo sizifika ku Shire, zimathera pa kalavati

"Achimwene, ine ndimakazinga chipisi pafupi ndi msika wa pa Boma. Mvula ikamagwa makoko a mbatatesi ndi majumbo timangoponya mu ngalande, madzi amatenga okha kupita nazo ku Shire. Cholakwika ndi chani poti pamalo pamayera?"

Achimwene, pamayera pakhomo panu pokha. Tauni yathu ya Mangochi ili pachidikha, kuno si ku Zomba komwe madzi amatsetsereka ndi liwiro kuchokera mphiri. Kuno madzi a mu ngalande amayenda mwaulesi ndiye mvula ikangokata mphamvu imathanso, katundu yense amene anatenga amamutula pompo.

Ndipo malo ake otulira ndi pa kalavati, paipi ija yodutsa pansi pa msewu. Zimayamba ndi kamtengo kamodzi kapena botolo la pulasitiki lopingasa pakamwa pa paipi, jumbo imadzakola pamenepo, ina pamwamba pake, kenako pampasi ya mwana yomwe ikamwa madzi imafufuma, ndiye mchenga wathu uja umabwera kudzamata timipata tonse totsala mpaka pamalimba ngati pathiridwa simenti. Makoko anuwo pawokha akanaola, koma jumbo siola, ndi imene imagwira zonse.

Kudziwa kuti yatsekeka sikovuta ayi. Mvula ikakata pitani mukaone mbali zonse ziwiri za msewu. Mukapeza kolowera madzi adzadza pomwe kotulukira akungodontha, kapena mawa lake madzi akadali chiimire, basi yatseka.

Tsono madzi osowa njirawo amabwerera mmakomo. Kuno madzi a pansi ali pafupi, zimbudzi zokumba sizichedwa kudzadza, zikasefukira zonse zimasakanikirana nkulowa mzitsime zosavindikira. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija mukuikumbuka, Mangochi inali mgulu la maboma omwe anavutika kwambiri, ndipo njira yake ndi yomweyi, chimbudzi kukumana ndi madzi akumwa. Udzudzu nawo sufuna zambiri, ndi kutentha kwa kuno madzi akaima sabata imodzi ndi masiku pang'ono dzira lasanduka kale udzudzu. Komanso kasitomala angaime kudya chipisi pambali pa chithaphwi chonunkha?

Pa chiwaya panupo ikani matumba awiri. Lina la makoko ndi zotsala za kabichi, izi mukakwirire mdzenje kunyumba zisanduke manyowa kapena mupatse a ziweto. Lina la majumbo ndi mabotolo, mumange pakamwa mukasiye potayira zinyalala pa msika, ndipo pakadzadza kadandauleni kwa akomiti ya msika akumbutse akhonsolo.

Mukagwirizana ndi anzanu zokonza ngalande yambirani kumunsi kotulukira madzi muzikwera, mukayambira kumtunda mukungokankhira matope pa kalavati pomwepo. Valani magambutsi ndi magolovesi, mumakhala magalasi osweka mmenemo. Ndipo chonde zomwe mwavuulazo musaunjike mphepete mwa ngalande ati ziume kaye, tengani wilibala zichoke tsiku lomwelo, apo bii mvula ya usiku izibwezera momwemo.