Nkhope ya msungichuma pa chithunzi chopeka

"Abale ndithandizeni. Msungichuma wathu wa banki mkhonde tikumuganizira kuti wadya ndalama. Ndili ndi chithunzi chake cha pa ukwati winawake, ndikufuna ndigwiritse ntchito maapu opanga zithunzi aja aoneke ali mu bala ndi mtsikana, ndalama zili mbwee patebulo, ndiponye pa gulupu achite manyazi. Ndikalemba kuti ndi nthabwala pali mulandu?"

Achemwali pulizi musapange zimenezo, ndalama zikuwawa ndikudziwa koma chithunzicho chikupwetekani inuyo kuposa iyeyo.

Tiyambe ndi ka mawu koti nthabwalako. Mawu amakhala pansi pa chithunzi, ndiye munthu mmodzi akangojambula sikilini nkudula mmunsimo basi, chikumapita kwa mkazi wake, kwa abusa ake, kuntchito kwake chili chokhachokha. Mukukumbuka chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma mu Malichi 2023? Anachipanga ndi apu yopanga zithunzi yotchedwa Midjourney, ndipo pomwe chinayambira panali pa anthu oti amadziwa kuti nchopeka, koma chitangotuluka pamenepo anthu ambirimbiri anakhulupirira kuti nchenicheni. Icho chinali jekete chabe. Chanucho ndi bambo wapabanja ali ndi mtsikana mu bala. Nde funso lake si loti inuyo mumatanthauza chani, koma loti munthu amene wachilandira opanda mawu aliwonse aganiza kuti zinachitikadi? Katuni ya munyuzipepala, yamutu waukulu ija, imapulumukira pomwepa chifukwa palibe angaiyese foto. Maapuwa ntchito yake ndi yoti zioneke zenizeni.

Kukhoti nkhani yoipitsa mbiri amayang'ana ngati munthuyo akuzindikirika, ngati zafika kwa munthu wina kupatula mwini wake, komanso ngati zikumutsitsa pamaso pa anthu. Apa nkhope ndi yake, gulupu ya WhatsApp olo ikhale ya anthu teni ndi kufalitsa kale, ndipo chithunzicho chikumunena kuti ndi wakuba komanso wachimasomaso. Chomwe chimateteza munthu pa milandu ngati iyi nkusonyeza kuti zomwe wanenazo nzoona. Inu musonyeza bwanji pomwe balayo mwaipeka nokha? Olo zitapezeka kuti ndalamazo anadyadi, za mtsikanazo ndi za balazo zikhalabe bodza lanu, ndiye iyeyo apeza pogwira, msonkhano onse ukhala okamba za chithunzi, za ndalama zija ziiwalika.

Ena pano akuuzani kuti khoti linathetsa zimenezi. Zoona mu 2025 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe limamangitsa munthu chifukwa choipitsa mbiri, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma zomwe zinatha ndi zomangidwa kudzera gawo limenelo, kukusumirani kuti mulipire chipukuta misozi kudakalipo. Komanso pali lamulo la 2016 la za pa intaneti lija, gawo 87 limakamba za kusowetsa munthu mtendere mwadala komanso mobwerezabwereza kudzera pafoni kapena pa intaneti, chilango chake K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Mukaponya pa gulupu, mawa pa sitetasi, mkuja pa Facebook, kubwereza kwake ndi komweko. Ndipo mulandu ngati umenewu siuvuta kulondola, nambala yomwe yaponya koyamba aliyense waiona.

China chomwe chimandikhudza ine ndi chithunzi cha paukwaticho. Bamboyo anaima nkumwetulira podziwa kuti ndi chikumbutso cha ukwati, sanavomere kuti nkhope yake ikalowe mu apu yomwe inu simukudziwa kuti imasunga kuti zithunzi. Chilolezo chojambulidwa si chilolezo chomuika pamalo pomwe sanapiteko. Ganiziraninso mkazi wake ndi ana, iwo sanatenge olo tambala koma ndi amene azilozedwa zala kumsika. Nanga zikadzapezeka kuti ndalamazo sanadye, ndi mamembala ena omwe sanabweze ngongole? Zimachitika, ndipo chithunzi chikalowa mmafoni a anthu simungachitolerenso.

Mukafuna kuseweretsa maapuwa ikani nkhope yanu, kapena ya mnzanu amene mwamuonetsa chomalizacho nkuvomera, osati kungomuuza kuti ndikupangira kenakake. Nkhope za ana ndi chilichonse chooneka ngati zolaula, kumeneko musayandikireko olo pang'ono.

Za ndalamazo, itanitsani msonkhano wa gulu lonse, bokosi litsekulidwe onse osunga makiyi alipo, buku la masheya ndi la ngongole awerenge anthu awiri omwe si a komiti, ndipo ngati zina zimadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba abweretse mauthenga ake. Chomwe chasowa chilembedwe, asaine tsiku lobweza pamaso pa mboni. Akakana mupite nalo bukulo kwa amfumu kapena kupolisi.