Chatiboti yaiwala malamulo anga chati ili pakati, nditani?

"Ndikukonza lipoti la masamba 60 ndi chatiboti. Poyamba ndinaiuza kuti ziganizo zikhale zazifupi, isasinthe manambala, komanso izilemba kuti 'ophunzira' osati 'ana asukulu'. Zimayenda bwino, koma titafika chaputala 4 yayamba zake, ndikaikumbutsa imapepesa kenako n'kubwerezanso zomwezo. Yawonongeka kapena ndine ndikulakwitsa?"

Achemwali, zikomo polemba. Siinawonongeke ayi, komanso mlandu si wanu, ndi mmene zinthuzi anazipangira.

Chatiboti ilibe mutu wosungamo zinthu ngati ife. Mukatumiza meseji iliyonse, iyo imawerenganso chati yonse kuchokera pamwamba kenako ndi pamene imayankha, ndiye pali malire a mawu amene ingawerenge pa nthawi imodzi. Malirewo amawayeza ndi matokeni, timapisi ta mawu. ChatGPT itangotuluka mu 2022 inkatenga matokeni pafupifupi 4,000 basi, pano ambiri amapitirira 100,000, komabe malire alipo ndithu, ndipo chati ikadzadza, zakumayambiriro ndi zimene zimadulidwa kapena kufupikitsidwa, ndendende pamene inu munaika malamulo anu. Komanso dziwani kuti Chichewa chimadya matokeni ambiri kuposa Chingerezi chifukwa mawu athu amaduladulidwa kwambiri, ndiye ife timadzadza msanga.

Koma ine ndikukayika ngati yanuyo yadzadza. Yesani kaye: iuzeni ikulembereni meseji yanu yoyamba ija liwu ndi liwu, inu mupite pamwamba mukafananize. Ikalemba zosiyana kapena zongopeka, ndiye kuti yadulidwadi. Ikalemba ndendende, malamulo akadalipo koma angomira mu mulu wa mawu, ndipo izi ndi zimene zimachitika kawirikawiri. Mizere itatu ya malamulo ikulimbana ndi masamba 30 a lipoti, siingamveke.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri timagwa pomwepa. Chatiboti imatengera kwambiri mayankho ake aposachedwa. Ikangolemba "ana asukulu" kamodzi inu osaona, yankho limenelo limasanduka chitsanzo, lotsatira limatengera pomwepo, ndipo mukaikalipira imapepesadi koma zolakwika zija zikadali mu chati, ikuziwerengabe ulendo uliwonse. N'chifukwa chake imabwereza. Ndiye m'malo moikalipira, bwererani pa meseji yanu imene inabala yankho loyamba lolakwika, dinani Edit, onjezerani lamulolo pamenepo, mutumizenso. Zonse za pansi pake zimachoka pa zimene ikuwerenga, ndiye koperani kaye zimene mukuzifuna musanadine.

Kwa lipoti lalitali chonchi, ine ndikanachita izi. Tsegulani fayilo ina panokha, lembanimo malamulo atatu aja, muonjezerepo ndime imodzi yochokera mu chaputala 1 imene inatuluka bwino kwambiri, chifukwa chitsanzo chimagwira kuposa lamulo. Lamulo la "ziganizo zazifupi" lija lisintheninso, ndi lotakasuka kwambiri, nenani kuti chiganizo chisapitirire mawu 20. La mawu lija lembani kuti "nthawi zonse lemba ophunzira" basi, osatchulanso mawu amene simukuwafunawo, pakuti mukamawatchulatchula ndi pamenenso amabwera. Kenako chaputala chilichonse chikhale ndi chati yakeyake. Dinani New chat, matani chaputala 4, ndipo malamulowo muwaike pansi pake, kumapeto kwa meseji, asakwiririke pakati. Chaputala chikakhala chachitali, chiduleni masamba atatu kapena anayi pa meseji, malamulo muziwamatanso ulendo uliwonse. Zimatopetsa pang'ono, ndikudziwa, koma n'zachangu kuposa kukonza masamba khumi opotoka.

Mwina mukudandaula kuti chati yatsopano sidziwa zimene munagwirizana kale. Musanasiye yakaleyo, iuzeni ilembe mwachidule zonse zimene mwasankha mpaka pano, koma chonde werengani nokha ndi kukonza musanamate kwina, chifukwa ngati inaiwala lamulo, mu chidulecho lamulolo silikhalamonso.

Ngati pulogalamu yanu ili ndi Projects kapena Custom instructions, ikani malamulo mmenemo, chifukwa zolembedwa mmenemo zimalowa zokha mu chati yatsopano, ngakhale za mu Projects zimangolowa mu machati otsegulidwa mu projekiti yomweyo. Samalani kuti Custom instructions imakhudza machati anu onse, ndiye za lipoti lino lokha zimayenera mu Projects.

Za manambala zokha ndiye musaidalire ngakhale mutalemba lamulo labwino bwanji. Chaputala chikatha, ikani choyambirira ndi chokonzedwacho pambalipambali, muyang'ane nambala iliyonse ndi maso anu, ndipo kanikizani `Ctrl+F` musake "ana asukulu". Yambirani chaputala 3, mwina zinayamba kupotoka kumeneko inu musanazindikire.