Andidula ndalama ku banki osandiuza, kalata ndilembe bwanji?

"Abale thandizeni, ndatenga sitetimenti ya akaunti yanga ya karenti ndapeza andidula K45,000 yomwe sindikuyidziwa. Pa kauntala angoti mayi lembani kalata. Ndilembemo chani? Ndili ku Luchenza."

Mayi, musanagwire cholembera tengani sitetimentiyo muone bwinobwino mzere womwe pali K45,000 yo. Pali tsiku, pali mawu pansi pa Description kapena Narration, pali nambala ya Reference, ndalamayo ili pansi pa Debit. Zinayi zimenezi ndiye kalata yanu. Amene akaiwerenge sakudziwani, iye amasaka mu kompyuta ndi nambala imeneyo, mukangolemba kuti mwandibera ndalama mwezi uno kalatayo ingogona mu fayilo.

Mawu a pa Narration aja akuuzaninso kuti mlandu wake ndi wotani. Ngati palembedwa Ledger fee kapena Commission amenewo ndi machaji a banki, akaunti ya karenti imadulidwa ndithu mwezi ndi mwezi, apo mumangofananiza ndi mndandanda wa machaji awo, pemphani akuonetseni. Koma K45,000 yachuluka, ine ndikuganiza kuti mupeza Direct debit kapena Standing order, kutanthauza kuti ndalama yapita kwa wina, kaya kampani ya inshuwalansi kaya ya ngongole, ndipo banki siyenera kutulutsa ndalama yotero popanda chilolezo chanu. Ndiye dzifunseni kaye moona mtima, simunasainepo fomu ya anthu aja amayenda m'mashopu ndi mapolise a maliro? Simunaimirepo m'bale pa ngongole? Onaninso masitetimenti a miyezi itatu yapitayo, zoterezi kawirikawiri zimabwera tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse, mutha kupeza kuti aka sikoyamba.

Ngati palibe chomwe munasaina, lembani kwa manijala wa nthambi yomwe munatsegulira akaunti. Pamwamba dzina lanu monga lilili pa akaunti, keyala, foni, tsiku, ndi nambala ya akaunti. Nkhani yake ikhale chonchi, masiku ndangoika achitsanzo, muike anu:

"Pa 3 Epulo akaunti yanga inadulidwa K45,000, nambala ya Reference yakuti, mawu ake akuti. Ine sindinalole kuti ndalamayi ichotsedwe ndipo sindinasaine chikalata chilichonse cholola zimenezi. Ndikupempha kuti mundipatse kope ya chikalata chomwe munatsatira podula ndalamayi. Ngati palibe, mubweze K45,000 mu akaunti yanga pamodzi ndi machaji onse omwe anabwera chifukwa cha kudulaku, komanso muimitse kudula kwina kotere kuyambira lero. Mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14."

Basi, tsamba limodzi lakwana. Ambiri amalemba mu Chingerezi, ngati chimakuvutani wina akuthandizeni koma mfundo zikhale zomwezi. Pa kupempha kope ya chikalata paja ndi pamene pali mphamvu yonse, chifukwa tsopano ntchito yawagwera iwo kuti aonetse siginecha yanu, akakubweretserani fomu yosainidwa ndi dzanja lachilendo nkhani yasanduka yachinyengo ndipo mukhoza kukanenanso ku polisi.

Za machaji enawo anthu ambiri amaziiwala. Tinene kuti munali ndi K120,000, munauza banki kuti ilipire wa golosale yaikulu ku Limbe K100,000, iwo nkudula K45,000 yawoyo, kwatsala K75,000. Malipirowo akanika ndipo banki ikhoza kukulipiritsani chindapusa, kapena amulipira akaunti nkulowa mu ngongole ya K25,000 nkuyamba kuwerengera chiwongoladzanja. Zonsezo sizikanachitika akanapanda kudula, ndiye zitchuleni mu kalata, chilichonse ndi tsiku lake ndi ndalama yake, apo ayi akubwezerani K45,000 yokha nkumati tathana.

Sainani ndi siginecha yomwe ili ku bankiko, ngati akauntiyo mumasainira awiri nonse musaine. Phatikizani fotokope ya sitetimenti mutadula mzere pansi pa ndalama ija, ndi fotokope ya chiphaso chaunzika. PIN osalemba pena paliponse, ndipo wina akaimba foni kuti ndine wa ku banki tiuzeni PIN kapena nambala yomwe yabwera pa meseji kuti tikubwezereni, dulani foniyo, ndi mbava.

Pangani makope awiri, mupite nawo nokha, imodzi asiyireni inayo akudindireni sitampu ya tsiku, wolandirayo asaine, ndipo funsani nambala ya dandaulo lanu. Osalola zoti siyani pompo tiona. Masiku aja akatha kuli zii kapena yankho lake losamveka, lembani ku likulu la bankiyo mutaphatikiza kope yodindidwa ija. Zikakanika kumenekonso dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ali ndi ofesi ku Blantyre, ndipo kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, umboni wake ndi sitampu ija.